Kope kapena foni: tilembe kuti za matenda?

Adokotala akafunsa kuti mutu unayamba liti, ambiri timangoti kalekale. Kulemba tsiku lililonse kumathandiza, koma tilembe pati?

Kope ndi lotsika mtengo, silifuna chaji, ndipo mumangolipereka m'manja mwa adokotala. Foni imasunga yokha tsiku ndi nthawi, komanso imajambula zidzolo kapena chotupa zisanazimiririke, zomwe cholembera sichingathe.

Kope limanyowa, limaiwalika kunyumba, ndipo ana angawerenge zachinsinsi. Foni ikabedwa, zonse zingapite.

Paliponse, mzere umodzi ukukwanira: "Lachiwiri, 3 koloko masana, mutu kumanzere, ululu 7 pa 10, maola awiri, panado sanathandize." Masiku opanda ululu muwalembenso.

Kope likuyenera agogo ndi owasamalira mosinthana. Wamatenda apakhungu asankhe foni.