Miyezi 8 ndikugwiritsa ntchito thiyoremu ya ranki ndi naliti: pomwe imandigwira dzanja ndi pomwe imangokhala chete

Anzanga, papita miyezi 8 tsopano chiyambireni kuchekera ansa zanga za matirikisi ndi thiyoremu imeneyi, kuyambira ma asayimenti, mayeso a semesita yatha, mpaka pano pomwe ndikuthandizako ana a chaka choyamba pa gulu lathu lowerengera limodzi. Poyamba paja ndinkaitama kwambiri kuti imagwira cholakwa chilichonse. Pano ndaona kuti si choncho ayi, ndiye ndati ndibwere ndikonze mawu anga aja.

Chomwe imanena n'chachifupi:

```
rank(A) + nullity(A) = n
```

A ndi matirikisi, n ndi chiwerengero cha makolamu ake, osati mizere yopingasa. Matirikisi ya makolamu 4 imalandira vekita ya manambala 4, ndiye kuli njira 4 zolowera. Zina mwa njirazo zimatulukira mbali inayo zili moyo, kuchuluka kwake ndiye ranki. Zina zimaphwanyidwa n'kusanduka ziro, kuchuluka kwake ndiye naliti. Palibe njira yomwe imasowa pakati, ndiye ukaphatikiza ziwirizi ubwerere pa 4 basi. Mawu oti naliti anabwera ndi katswiri wa masamu Sylvester, koma ganizo lake ndi lomweli la kuwerenga zolowa.

Matirikisi yomwe inandiphunzitsa zambiri ndi iyi, ya mizere 3 makolamu 4:

```
1 2 0 1
2 4 1 4
3 6 1 5
```

Ukachotsa mzere woyamba kawiri pa wachiwiri umapeza 0 0 1 2. Ukachotsa woyamba katatu pa wachitatu umapezanso 0 0 1 2, ndiye wachitatu uja umafa n'kukhala maziro okhaokha. Mapivoti, manambala oyamba osakhala ziro pa mzere uliwonse, atsala awiri, pa kolamu 1 ndi kolamu 3, ranki ndi 2. Apa ndi pomwe ndinagwa mwezi woyamba uja. Ndinaona mzere umodzi wa maziro ndiye ndinalemba kuti naliti ndi 1, n'kupereka vekita imodzi yokha, (-2, 1, 0, 0). Ndipo choopsa chake n'choti 2 + 1 = 3 zimaoneka ngati zalongosoka chifukwa matirikisi ili ndi mizere 3, mtima umakhala m'malo. Koma makolamu ndi 4, ndiye 2 + 1 sizikukwana, pali vekita ina yomwe ndaisiya. Nditabwerera ndinaona kuti x4 nayonso ilibe pivoti, ndi yomasuka ngati x2, ndipo ukaiika 1 umapeza (-1, 0, -2, 1). Mzere wa maziro uja ukuwerenga chinthu china, naliti ya A ukaitembenuza mizere kukhala makolamu, 3 - 2 = 1, zomwe zikungotanthauza kuti mzere wachitatu ndi woyamba kuphatikiza wachiwiri.

Pa cholakwa cha mtundu umenewu, kuiwala vekita kapena kusokoneza mizere ndi makolamu, thiyoremuyi sinandikhumudwitsepo olo kamodzi. Masekondi 5 okha wadziwa.

Koma nayi nkhani yomwe yandibweretsa. Cha m'mwezi wachinayi mnzanga wina pa gulu anasova matirikisi yomweyi, ndipo pa 5 - 3 paja dzanja linaterereka analemba 3 m'malo mwa 2. Mzere wachitatu unakhala 0 0 1 3, atachotsa wachiwiri kunatsala 0 0 0 1, pivoti yachitatu yabodza n'kubadwa. Ranki 3, naliti 1, kuphatikiza 4. Anati aise ona thiyoremu yavomera, ndipo inedi ndinayang'ana n'kuvomereza, tonse tinapita kunyumba tili okhutira ndi ansa yolakwika. Zinandiwawa nditazindikira, chifukwa ndi ine ndinamuphunzitsa kuti azidalira cheki imeneyi.

Chifukwa chake n'chosavuta ukachiona. Ukatenga ranki powerenga makolamu okhala ndi pivoti, naliti powerenga makolamu opanda pivoti, pa pepala lomwelo, ziwirizo zidzakwana n nthawi zonse, kaya wasova bwino kaya walakwitsa paliponse. Kolamu iliyonse ili ndi pivoti kapena ilibe, ndiye palibe chomwe wacheka apo, wangowerenga makolamu ako kawiri. Ndipo ngakhale kubwezera vekita mu A sikukanamupulumutsa mnzangayo, chifukwa (-2, 1, 0, 0) yake ija imaperekadi ziro pa mizere yonse itatu. Vekitayo inali yolondola, vuto linali loti inali yokha.

Ndiye kuyambira pamenepo ndimacheka mbali ziwirizi padera, chilichonse pa matirikisi yoyambirira, osati yosovedwa ija.

Mbali ya naliti, ndimatenga vekita iliyonse n'kuichulukitsa ndi A. Ya (-1, 0, -2, 1) mzere woyamba ukupereka -1 + 1 = 0, wachiwiri -2 - 2 + 4 = 0, wachitatu -3 - 2 + 5 = 0. Inayo nayonso imadutsa, ndipo ziwirizi palibe yomwe ili kuchulukitsa kwa inzake, poti ina ili ndi 1 pamalo achiwiri pomwe inzake ili ndi 0, pamalo achinayi n'kusinthana. Ndiye naliti siingachepere 2. Mbali ya ranki, ndimatenga makolamu a mapivoti mu A yeniyeniyo, (1, 2, 3) ndi (0, 1, 1), ndipo n'zoonekeratu kuti ina siichokera mwa inzake, ndiye ranki siingachepere 2. Apa tsopano ndi pomwe thiyoremu imagwira ntchito yake yeniyeni: zonse pamodzi sizingapose 4, ndipo 2 ndi 2 zakwana kale, ndiye palibe mpata woti ranki ikhale 3 kapena kuti pali vekita yachitatu yobisala. Ansa yatsekedwa mbali zonse.

Mnzanga uja akanachita izi akanayenera kuonetsa kuti makolamu 1, 3 ndi 4 ndi odziimira paokha, ndipo akanakanika, chifukwa kolamu 4 ndi kolamu 1 kuphatikiza kolamu 3 kawiri: 1 + 0, 2 + 2, 3 + 2, zomwe ndi (1, 4, 5) ndendende. Ndivomereze kuti mbali imeneyi imadya nthawi makolamu akachuluka, pa atatu umafunika ditaminanti kapena diso lakuthwa, ndipo pa mayeso nthawi ikathina sindimaichita pa funso lililonse. Koma ndikaona pivoti yomaliza yatuluka pa kanambala kamodzi kotsalira pakona ngati 0 0 0 1, ndimabwereza masamu a mzere umenewo kaye ndisanapitirire.

Kwina komwe ndaikonda kwambiri miyezi yapitayi ndi kuyankha usanayambe n'komwe kusova. Matirikisi ya mizere 3 makolamu 4 ranki yake siingapose 3, ndiye naliti ndi 1 kapena kuposa, ndipo wina akandibweretsera ansa yoti Ax = 0 ili ndi yankho la ziro lokha ndimadziwa kuti yalakwika ndisanagwire cholembera. Chimodzimodzi pa mapolinomiyo a digiri yosaposa 3 ukamatenga derivetivi: malowo ali ndi dayimenshoni 4 osati 3, chifukwa pali 1, x, x², x³, zomwe zimafa ndi manambala opanda x okha, naliti 1, ndiye ranki ndi 3, ndipo n'zoonadi zotuluka ndi mapolinomiyo a digiri yosaposa 2. Ana a chaka choyamba ambiri amalemba 3 pa n apa, ndipo ndimangowauza kuti awerenge 1, x, x², x³ pa zala.

Mungosamala kuti zonsezi zimafuna dayimenshoni yokhala ndi malire. Mukachotsa malire a digiri aja n'kutenga mapolinomiyo onse, derivetivi imafikira polinomiyo iliyonse komabe ikuphabe manambala opanda x, ndiye mfundo yoti mapu ya malo kubwerera m'malo omwewo ikafikira paliponse naliti ndi 0 siigwiranso ntchito kumeneko.