Malaya olembedwa UPF 50+: ndawavala miyezi isanu ndi itatu kudimba, nazi zomwe ndaona

Ndine mlimi wa tomato ndi anyezi kuno ku Chikwawa, kufupi ndi Nchalo, ndipo ndine munthu wachialubino. Amene munafikako kuchigwa cha Shire mu Okutobala mukulidziwa dzuwa la kuno. Ikamakwana 9 koloko m'mawa limakhala layamba kale kuluma. Ine kudimba ndimalowa mbandakucha, kutuluka cha m'ma 4 koloko madzulo. Khungu langa silichita kuda likapsa, limatuwa kenako kufiira, kutuluka matuza, n'kusupuka. Choncho nkhani ya chovala kwa ine si ya kutchena ayi.

Malaya amene ndikunenawa anandigulira mlamu wanga m'sitolo ina ya zovala zamasewera ku Blantyre. Ndi a manja aatali, obiriwira moderako, nsalu yake ndi poliyesita yekhayekha, ndipo pakapepala ka m'khosi analembapo UPF 50+, nambala yosonyeza mmene nsalu imatsekera cheza chootcha cha dzuwa. Mtengo wake unali pafupifupi wa mabotolo awiri a mafuta oteteza khungu ku dzuwa ogula kufamase. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsayo ndifotokoza pansipa.

Ndiyambe ndi chimene chinandipangitsa kuwafuna. Kale ndinkavala malaya oyera a thonje, opepuka, chifukwa aliyense amati zoyera sizitentha. Tsiku lina ndinathirira anyezi ndi kheni kuyambira m'mawa mpaka masana, malaya atanyoweratu ndi thukuta komanso madzi otayikira paphewa, n'kumatirira kumsana. Madzulo posamba mkazi wanga anafuula: "Bambo a ana, taimani kaye, msana wanuwu watani?" Msana wonse unali psuu, koma pomwe panadutsa vesiti yamkati panali poyera, chithunzi cha vesitiyo chikuoneka bwinobwino ngati achita kujambula. Dzuwa linadutsa m'malaya n'kundiotcha ndili chivalire. Pomwe panali nsalu ziwiri ndi pomwe panapulumuka. Ndinagona chafufumimba masiku atatu.

Nditapita kuchipatala, adokotala a khungu anatenga malaya angawo n'kuwatambasula pawindo. Anati, "Bambo, taonani apa. Mukuona timabowo towala timeneti? Pomwe kuwala kukudutsa, cheza chootcha chikudutsanso." Anandiuza kuti sikipa yoyera ya thonje yopyapyala imakhala ndi UPF ya pafupifupi 5 basi, ndipo ikanyowa imatsika kuposa pamenepo. Nambala imeneyi tanthauzo lake ndi losavuta. UPF 5 ndiye kuti pa magawo asanu a cheza cha dzuwa, gawo limodzi likufika pakhungu. UPF 50 ndiye kuti likufika gawo limodzi pa magawo 50. Kusiyana kwake ndi kakhumi. Kwa munthu amene amangodutsa padzuwa popita kuofesi mwina zilibe kanthu, koma kwa ine amene ndimakhalapo maola asanu ndi anayi, gawo limodzi pa asanu ndi lokwanira kunditulutsa matuza.

Malaya atsopanowa nditawayesa pawindo la kunyumba, kuwala kunkangooneka mwachimbuuzi, timabowo osaoneka. Ulusi wake ndi wolukidwa mothithikana kwambiri ngakhale nsaluyo ndi yopepuka m'manja. Apa ndiye pali nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti nsalu yoteteza ndi yokhuthala basi. Kukhuthala kumathandiza ndithu, jinzi salola dzuwa kudutsa, koma ndani angathirire dimba la ku Nchalo atavala jekete ya jinzi? Chimene chimafunika ndi kalukidwe kosasiya mipata, kenako mtundu wa ulusi. Poliyesita mwachibadwa chake amatsekereza cheza chootcha kuposa thonje loyeretsedwa, ndipo utoto woderako umamwa cheza chambiri kuposa woyera. Malayawa ali ndi zitatu zonsezi.

Miyezi isanu ndi itatu yapitayi, kuphatikizapo Okutobala ndi Novembala, mikono, mapewa ndi msana sizinapsepo ngakhale tsiku limodzi. Amanyowa ndi thukuta ngati malaya ena onse, koma sachedwa kuuma, ndipo akanyowa saonetsa khungu ngati a thonje aja.

Tsopano kuyerekeza ndi mafuta, chifukwa anzanga ambiri amandifunsa kuti ngati uli ndi mafuta a SPF 50, malaya odula n'ngachiyani. Mafuta ndi abwino, ndimadzola tsiku lililonse. Vuto lake ndi lakuti nambala ya SPF ya pabotolo, yosonyeza mphamvu ya mafutawo poteteza khungu, imagwira ntchito ukadzola mokwanira, ndipo kukwanira kwake ndi kochuluka kuposa mmene ambirife timadzolera. Muyezo wake ndi supuni yaing'ono ya tiyi, mamililita 5, pamkono umodzi. Ina pamkono winawo, ina ya nkhope, makutu ndi khosi. Uyenera kudzola mphindi 20 usanatuluke, n'kumabwereza maola awiri aliwonse, kapena msanga kuposa pamenepo ngati ukutuluka thukuta kwambiri. Ngakhale mafuta amene amati sachoka ndi madzi, amawayesa kwa mphindi 40 kapena 80 zokha.

Ndinawerengetsera ndekha. Nditavala malaya a manja aafupi, ndinkafunika masupuni atatu nthawi iliyonse, omwe ndi mamililita 15. Kudzola kanayi patsiku ndi mamililita 60. Botolo la mamililita 200 limatha m'masiku atatu ndi kachidutswa. Ife achialubino timalandira mafuta aulere kuchipatala akakhalapo, koma palibe amene angakupatse botolo masiku atatu aliwonse. Ndiye chimene chinkachitika n'chakuti ndinkaumira, kudzola pang'onopang'ono kuti botolo lifike mwezi. Ukadzola theka la muyezo, chitetezo chimene ukupeza si cha SPF 50 chomwe chalembedwacho, chimatsika kwambiri. Ndinkadzinamiza kuti ndadzola pomwe khungu likupsabe mwakachetechete.

Ndi malayawa, mafuta ndimadzola kunkhope, makutu, khosi ndi kuseri kwa zikhatho basi. Ndi supuni imodzi ndi theka, kanayi patsiku, mamililita 30. Botolo lomwe lija likundifikitsa pafupifupi sabata yathunthu ndikudzola muyezo woyenera.

Palinso china chimene amene sanagwirepo ntchito yakudimba sangachidziwe. Nthawi yobwereza kudzola ikakwana, manja ali matope okhaokha, mikono ili fumbi losakanikirana ndi thukuta. Kuti udzole bwino uyenera kusamba, kupukuta, kudikira uume. Ukadzola pamwamba pa fumbi mafutawo amangopanga timibulu n'kugwa. Ndipo tsiku limene madzi ali ochepa pachitsime ndipo mukulimbirana ndi anzanu, maola awiri amadutsa osadziwa. Malaya saiwala ayi. Mmene anatetezera 7 koloko m'mawa ndi mmene akutetezeranso 2 koloko masana. Botolo nalonso ndinaphunzira kusalisiya padzuwa, chifukwa kutentha kumawononga mafuta. Langa lina linasungunuka m'thumba n'kupatukana, madzimadzi pamwamba, zolimba pansi, ndinangolitaya. Pano ndimalikulunga m'kansanza konyowa n'kulisiya pamthunzi wa nthochi.

Nayi nyenyezi imene ndachotsa. Choyamba, manja a malayawa ndi aafupi pang'ono. Ndikatambasula mkono kuti ndinyamule kheni, mkono wa malaya umakwera n'kusiya kampata ka zala zitatu pamwamba pa chikhatho. Sabata yoyamba ndinapsa pamenepo, kamzere kofiira kozungulira ngati chibangili, mikono yonse iwiri. Pano ndimadzolapo mafuta. Kolala yakenso ndi yaifupi, siphimba kuseri kwa khosi ukawerama, ndipo ntchito yakudimba ndi yowerama. Ndinapita nawo kwa telala wa pamsika, anandisokera kansalu ka zotsala za chitenje kolendewera kuseri kwa chipewa changa cha khonde, kofika mpaka m'mapewa. Kansalu kameneka kanathetsa vuto limene wopanga malaya akanatha kulithetsa yekha.

Chachiwiri ndi fungo. Poliyesita amasunga fungo la thukuta moti sungawavale masiku awiri osachapa. Ndimachapa madzulo aliwonse ndi sopo wamtanda, m'mawa amakhala auma. Masiku opanda mphepo amamveka otentha kuposa thonje, sindinama. Chimene chimandipulumutsa n'chakuti mlamu anagula saizi yokulirapo, ndiye mpweya umayenda mkati.

Kukula kwa saiziku kuli ndi phindu linanso. Nsalu ikakokeka, timabowo timatseguka. Tayesani kukoka sikipa iliyonse ndi manja awiri mutailozetsa kudzuwa, muona kuwala kukuchuluka. Chovala chothina pamapewa chimateteza pang'ono kuposa chomwecho chikakhala chomasuka. Pamalaya angawa, paphewa lamanja pomwe ndimasenzera mtengo wa makheni payamba kuperepeseka. Mwezi watha nditawaunika ndinaona kuti pamenepo kuwala kukudutsa kuposa pena ponse, ndiye telala uja anaikapo chigamba mkati. Kapepala ka m'khosi kakunenabe UPF 50+, koma kakunena za malaya ali atsopano. Ndimawaunika pawindo mwezi uliwonse.

Chenjezo kwa ogula. Nditaona kuti awa andikomera, ndinagula ena otchipa kwa wogulitsa wina wapamsewu, olembedwanso UPF 50 pachifuwa ndi zilembo zikuluzikulu. Kufika nawo kunyumba, kuwaunika, m'mbali ndi kumsana kunali nsalu yangati neti, ndinkatha kuwerenga zala zanga kuseri kwake. Sindinawavale kudimba n'komwe. Tsiku lomwelo mkazi wanga anandipezera pakaunjika malaya a yunifolomu a buluu woderako, a thonje losakaniza ndi poliyesita, opanda chizindikiro chilichonse cha dzuwa. Pawindo anatseka kuwala pafupifupi ngati odula aja. Ndi olemerako ndipo amachedwa kuuma, koma ndi amene ndimasinthira, ndipo sindinapse nawo. Kuunika pawindo sikukuuzani nambala, komanso maso sangaone cheza chootchacho, koma nsalu imene yalephera mayeso amenewa musaikhulupirire ngakhale italembedwa chiyani.

Kwa omanga nyumba, asodzi, akabaza, okonza misewu, ngakhale khungu lanu ndi lakuda, ngati mikono imayabwa ndi kusuwa m'chilimwe, malaya otere angakuthandizeni. Kwa anzanga achialubino, ine ndikuti ndalama yoyamba ipite ku malaya a manja aatali olukidwa mothithikana, buluku lalitali ndi chipewa cha khonde lotambalala masentimita 7 kapena 8 kuzungulira mutu wonse. Kapusi imasiya makutu pamtunda. Mafuta muwasungire malo amene nsalu singafike, makamaka nsonga za makutu, mphuno, mlomo wapansi ndi kuseri kwa zikhatho, ndipo mudzole ngakhale kuli mitambo chifukwa cheza chimadutsa.

Pakhutu langa lamanzere panali kachigamba kokhakhala ngati sandipepala, kosapola, kochokera m'zaka zimene ndinkavala kapusi. Adokotala anakaotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri aja, n'kundiuza kuti timeneti tikalekereredwa tina timasanduka khansa ya pakhungu. Mukapeza kotere, kapena chilonda chimene chatha milungu ingapo osapola, pitani akakuoneni. Ine ndibwererako mwezi wamawa, ndipo ndatuma kale mlamu kuti akapezanso malaya a mtundu womwewu andigulire ena, koma ayambe wayeza kutalika kwa manja.