Fani ya m'bafa: ya mapiko, ya ng'oma kapena ya m'lofiti?

Kwathu bafa imauma yokha. Pamwamba pa khoma pamakhala timabowo ta mpweya, zenera limakhala chitsegukire, dzuwa nalonso limathandiza. Kuno ku Mangalande nyumba imakhala yotsekeka mwaa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiye nthunzi ya m'bafa ndi ya mphika wa nyemba imasowa kolowera. Mpweya wa m'nyumba wotentha madigiri 20, chinyezi chili pa 70 peresenti, umasiya madontho a madzi ukangokhudza galasi kapena khoma lozizira kufika pa madigiri 14. Mawindo akayamba kutuluka thukuta m'mawa, chuku sichichedwa kumera m'makona.

M'nyumba yomwe timakhala ku Leeds chuku chinayamba pakona ya siling'i pamwamba pa shawa, timadontho takuda ngati tsabola wowazidwa. Fani yotulutsa nthunzi panja inalipo, ndipo inkalira bwinobwino. Tsiku lina ndinang'amba kapepala ka tishu n'kukagunditsa pakamwa pa faniyo ikuzungulira. Kanangogwa pansi. Fani yokoka bwino imakakamira kapepalako osakataya. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira phokoso la fani, ndinayamba kufunsa kutalika kwa paipi imene ili kuseri kwake.

Malamulo a zomangamanga a kuno, gawo lotchedwa Part F, amati fani ya m'bafa yongoyatsa posamba izitulutsa mpweya wosachepera malita 15 pa sekondi. Pabokosi amalemba kuti l/s. Bafa yathu ndi ya mamita 2 m'lifupi, 2.5 m'litali ndi 2.4 kupita m'mwamba, ndiye kuti muli mpweya wokwana makyubiki mita 12. Malita 15 pa sekondi ndi makyubiki mita 54 pa ola, kutanthauza kuti mpweya wonse wa m'bafamo umasinthidwa kanayi ndi theka pa ola. Vuto ndi lakuti nambala yaikulu ya pabokosi kawirikawiri amaiyeza fani ikupuma pamtetete, yopanda paipi. Malita 15 aja akufunika atuluke kunja kwenikweni, atadutsa paipi yonse.

Fani yotchipa imene mumaipeza paliponse ndi ya mapiko, imene amaitcha akisiyo. Mapiko ake ali ngati a fani ya patebulo, ndipo pakamwa pake ndi mamilimita 100. Imakankha mpweya wambiri ndithu, koma ilibe mphamvu yolimbana ndi chopinga. Ikaikidwa pakhoma lakunja, paipi n'kungoboola khomalo, imagwira ntchito yake mosadandaulitsa, ndipo sindiona chifukwa chogulira ina yodula. Paipi ikapitirira pafupifupi mita imodzi ndi theka, kapena ikakhota, mphamvu zimaithera. Yathu inali ya mtundu umenewu, koma anaiika kusiling'i. Nditakwera m'lofiti, mpata wa pakati pa siling'i ndi denga, ndi tochi ndinapeza paipi ya makwinya ija, ya pulasitiki yokulungidwa pa waya, yotalika mamita 4, yokhota kawiri, pakati itagwera pansi pakati pa matabwa. Nditainyamula pamalo ogwerawo ndinamva madzi akukhutchumuka m'kati. Nthunzi inkazizirira momwemo, madzi n'kudzaza pokhotapo, njira ya mpweya n'kutsala kang'onong'ono.

Yachiwiri ndi ya ng'oma, sentirifyugo. M'kati mwake muli gudumu lokhala ngati kang'oma ka timapiko tambirimbiri, lomwe limaponyera mpweya m'mbali n'kuupanikiza. Pabokosi nambala yake ikhoza kufanana ndi ya mapiko, koma kusiyana kumaoneka paipi ikatalika: iyi imakankhabe mamita angapo ndi makona omwe. Ndiyo yoyenera bafa ya pakati pa nyumba kapena ya m'fulati yopanda khoma lakunja. Kuipa kwake, ndi yokulirapo, imatuluka pakhoma ngati kabokosi, imadula, ndipo zambiri zimasokosera kuposa ya mapiko.

Yachitatu ndi ya m'lofiti, inilaini, imene imakhala pakati pa paipi. M'bafa mumangooneka kachitsekero ka timabowo basi. Ine ndinasankha imeneyi, ndipo kwa aliyense amene bafa yake ili pansi pa lofiti ndingamuuze zomwezo. Mota ili kutali ndi madzi, choncho pokokera mpweya mungapaike pamwamba penipeni pa shawa pomwe nthunzi imabadwira, ndipo usiku ana sadzidzimuka nayo. Fani wamba ikakhala pafupi ndi shawa imayenera kukhala yosalowa madzi, yolembedwa IPX4 kapena kuposerapo, komanso mawaya a m'bafa ndi ntchito ya wamagetsi wovomerezeka. Tinasinthanso paipi, tinaika yolimba yosalala m'kati, yokutidwa kuti isazizire, yopendekera pang'ono cha kunja kuti madzi akapangika azitsikira panja osati kubwerera m'fani.

Kaya mwasankha iti, paipi ikathere panja. Ndaonapo nyumba ya mnzanga momwe paipi inangosiyidwa yasaa m'lofiti. Bafa inkauma ndithu, koma matabwa a denga anali onyowa ndi akuda, chifukwa chinyezi chonse chinangosamukira m'mwambamo. Ndiponso fani singatulutse mpweya ngati wina sukulowa. Pansi pa chitseko cha bafa pamafunika mpata wa mamilimita 10. Ambiri aife timayala kapeti yokhuthala n'kutseka mpatawo osadziwa. Yesani kapepala kaja chitseko chili chotseka, kenako chili chotsegula. Kakamagwira pokhapokha mwatsegula, vuto si fani ayi.

Za kayatsidwe sindichulutsa mawu. Yozima limodzi ndi getsi imasiya ntchito nthunzi ikadali tho. Ya tayima imapitiriza mphindi 15 kapena kuposa mutatuluka, ndipo bafa yopanda zenera imafunika yotere. Ilipo yomva chinyezi yomwe imadziyatsa yokha, yabwino pabanja lalikulu, ngakhale masiku amvula imatha kulira popanda wosamba. Ilinso yoyenda pang'onopang'ono usana ndi usiku, n'kumakweza liwiro wina akamasamba. Ngati mumayanika zovala m'nyumba, monga timachitira ambirife nyengo yozizira, imeneyi imathandiza koposa, bola musamaizimitse poopa bilu, pakuti magetsi ake ndi ochepa ngati a kababu kamodzi.

Ku khitchini mpikisano uli pawiri. Chokokera utsi cha pamwamba pa kuka china chimatulutsa mpweya panja, china chimangousefa ndi makala n'kuubwezera m'khitchini momwemo. Chachiwirichi chimagwira mafuta ndi fungo la usipa, koma nthunzi yonse imabwerera. Ife ophika nyemba maola awiri ndi nsima tsiku ndi tsiku sichitithandiza pa chinyezi. Gwiritsani dzanja pamwamba pake chikulira: mukamva mphepo ikutulukira pomwepo, palibe chikupita kunja. Chotulutsa panja chili pamwamba pa kuka chimafunika malita 30 pa sekondi, pamene fani ya pakhoma ili patali ndi kuka imafunika malita 60, ndipo imeneyo nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 150. Ngati m'chipindamo muli boyila yakale ya gasi yokoka mpweya wa m'nyumba, itanani wagasi aone kaye, chifukwa fani yamphamvu imatha kubwezera utsi wakupha m'nyumba.

Chuku chomwe chinamera kale fani sichichotsa. Ife tinapukuta ndi mankhwala ophera chuku, tinadikira siling'i iume sabata ziwiri fani yatsopano ikugwira ntchito, kenako tinapenta. Amene muli pa lendi, jambulani chukucho ndi kapepala kakugwa kaja, mutumizire landilodi molemba. Koma banga likakhala lachikasu, lokula mvula ikagwa, kapena lili m'munsi mwa khoma penti ikusendeka, madziwo akuchokera kudenga, m'mipope kapena pansi, ndipo ofunika kuitana ndi mmisiri wokonza pomwe pakudonthapo.