Penshoni yochokera kwa ogwira ntchito lero ndi penshoni yodzisungira: kukalamba kwa anthu kumavutitsa iti?

M'njira yoyamba, yomwe Germany imadalira kwambiri, ndalama zodulidwa pa malipiro a mwezi uno zimapita kwa opuma mwezi womwewo. M'njira yachiwiri, yomwe lamulo la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuno ku Malawi, zopereka za munthu zimaikidwa m'thumba lake n'kumapindula mpaka adzapume.

Yoyamba njosavuta kuyamba, koma imadalira chiwerengero cha opereka. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wopuma wa ku Lobi, ku Dedza, amalandira K200,000 pamwezi. Ngati ogwira ntchito anayi akumunyamula, aliyense amapereka K50,000, koma mabanja akayamba kubereka ana ochepa, okalamba n'kumakhala zaka zambiri, onyamulawo amatsala awiri ndipo aliyense amafunika kupereka K100,000. Pamenepo boma limakweza zopereka, limachepetsa penshoni, kapena limatalikitsa zaka zopumira, monga Germany ikukwezera zakazo kufika pa 67.

Yachiwiri siidalira ana obadwa mawa, koma mdani wake ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo ife amene tinaona kwacha ikugwa mu 2023 sitingapeputse zimenezi. Kuchoka ku njira yoyamba kupita ku yachiwiri nakonso n'kowawa, chifukwa m'badwo umodzi umalipira kawiri: penshoni ya makolo ndi yake yomwe.

Yoyamba imayenera dziko limene achinyamata ake ambiri ali pa ntchito yolembedwa, osati kungochuluka chabe. Yachiwiri imayenera dziko lokalamba lomwe ndalama yake njokhazikika.