Nyenyezi zitatu: mababu olakwika, kabaza ndi minibasi

Ndapereka nyenyezi zitatu kwa sitolo ina yamagetsi ya ku Limbe, ndipo zonsezo ndi za bambo achikulire a pakauntala. Mnyamata woyankha pa WhatsApp uja sindimupatsa ngakhale imodzi.

Mababu anayi a m'siling'i ya kukhitchini anali atapsa, aja ang'onoang'ono okhala ngati kakapu. Ndinajambula limodzi lili m'mwamba momwemo n'kutumiza kusitolo yamagetsi ija ya ku Limbe. Mnyamatayo sanafunse kanthu, anangoti "alipo mayi, tumizani ndalama". Ndinatumiza ndalamazo, kuphatikizapo ya kabaza wobweretsa mababuwo.

Atafika, kumaso anali ofanana ndendende ndi akalewo. Ndinakwera pampando, kuchotsa lakupsalo, koma latsopano osalowa. Nditatembenuza onse awiri m'pamene ndinaona: langa lili ndi timiyendo tiwiri tonenepa, tokhala ndi mitu ngati misomali, pomwe latsopanolo lili ndi tiwiri toonda ngati singano, toyandikana kwambiri. Nditaimba foni, mnyamatayo akuti "zogulagula sitibweza". Ndinapsa mtima zedi, m'mawa mwake ndinapitako ndekha.

Bambo aja anandikhazika pansi, n'kuika mababu awiriwo pakauntala chafufumimba. Akuti langa ndi GU10: timiyendo take timatalikirana mamilimita 10, umalikankha n'kupotoza pang'ono, ndipo limalandira magetsi a m'nyumba mwachindunji, 230V. Lomwe ananditumiziralo ndi MR16, kumiyendo amalemba GU5.3, umangolibaya osapotoza, ndipo ndi la 12V, limafuna kathiransifoma. Kumaso onse ndi mamilimita 50, n'chifukwa chake pachithunzi changa sakanasiyana. "Mayi, babu sitijambula kumaso, timajambula kumiyendo," anatero.

Apa mtima unatsika ndithu, chifukwa chithunzi changacho chinalidi chosathandiza. Komabe wogulitsa ndiye amadziwa zimenezi, bwanji osandiuza kuti ndichotse babulo ndijambulenso?

Anandionetsanso ena. La mapini lomwe tinazolowera m'nyumba zambiri ndi B22, timapini take tili m'mbali, ndipo silivuta kulizindikira. Ovuta ndi opotokola aja: E27 ndi E14 pachithunzi amafanana ngati palibe choyerekezera, chonsecho lina ndi mamilimita 27 m'mimba mwake, linalo 14. Ndiye akuti uzigoneka babu pambali pa rula, ujambule chammbali kuti utali wake uonekenso, poti lina miyendo imalowa bwino koma mutu n'kukanika m'chivindikiro cha nyale. Ujambulenso zolemba za pakhosi pake, ngati sizinafufutike.

Anandisinthira onse anayi osawonjezera ndalama, ndipo anayesa lililonse ndikuona. Patha miyezi iwiri, akuwala bwinobwino. Ya kabaza ndi ya minibasi sanandibwezere. Ndidzagulakonso, koma chithunzi ndizidzatumiza kwa bambowo, osati kwa mnyamata uja.