Batire la laputopu lotha m'mphindi zochepa: zomwe zaoneka patatha miyezi 6

Laputopu yomwe tikunena pano ndi yakaunjika, ya batire la maselo atatu lolembedwa 11.4V. Inkazima pasanathe mphindi 25 chichotsereni tchaja, pomwe pa sikirini ikuonetsa kuti moto watsala 60 peresenti. Tinayamba ndi kukonza kawerengedwe ka moto, kenaka tinasintha batire.

Musanawononge ndalama, tsegulani Command Prompt mulembe izi:

```
powercfg /batteryreport
```

Tsegulani fayilo ya lipoti yomwe Command Prompt ikulozereni, muyang'anemo mizere iwiri. DESIGN CAPACITY ndi moto womwe batire linkasunga lili latsopano, FULL CHARGE CAPACITY ndi womwe likusunga lero. Pa laputopu iyi woyamba unali 42,000 mWh, wachiwiri 30,000 mWh. Laputopu yodya mawati 15 ikanayenda maola awiri ndi moto wotere, ndiye zinali zoonekeratu kuti nambalayo ikunama.

Kukonza kawerengedwe kumayenda chonchi: tchajani mpaka 100 peresenti, muisiye pamoto maola ena awiri, muchotse tchaja, iyake mpaka izime yokha. Windows imakonda kuigoneka msanga, choncho ndi bwino kuisiya pa sikirini ya BIOS, yomwe mumalowamo Windows isanayambe. Ikazima ipume maola angapo, kenaka muitchaje kamodzin'kamodzi mpaka idzaze. Kuno ku Zomba povuta m'pomwepa, chifukwa magetsi akathima pakati muyenera kuyambiranso.

Titatero, FULL CHARGE CAPACITY inagwa kufika pa 6,000 mWh. Ambiri akaona izi amati aliwononga batire. Ayi ndithu. Kachipangizo kowerengera moto kangophunzira zoona zake: 6,000 mWh pa mawati 15 ndi mphindi 24, zomwe zija. Maselo atatuwo ndi olumikizidwa mondondozana, ndiye limodzi likafooka n'kutsika mphamvu msanga, chitetezo cha m'batire chimadula onse ngakhale awiri enawo akadali ndi moto. Selo lotopa silidzuka ndi kutchaja kwa mtundu uliwonse. Kukonza kawerengedwe kumathandiza pokhapokha ngati laputopu ikupitirira kuyaka nthawi yaitali pa BIOS Windows itanena kale kuti moto watha.

Ngati batire latupa, mpaka pogwira ndi chala paja patukuka kapena chivindikiro chapansi sichikutsekeka, musayese n'komwe kulikhetsa moto. Lichotseni, lingayake.

Latsopano tinalisankha potsata nambala yolembedwa pa lakale, osati dzina la laputopu lokha, chifukwa mapulagi amasiyana. Sabata yoyamba linaonetsa 41,000 mWh, pano patatha miyezi 6 lili pa 38,500 mWh, ndipo likupitirirabe maola awiri ndi theka. Kutsika kotere n'kwabwinobwino. Otchipa ena amalemba nambala yokongola koma n'kuzima pa 30 peresenti, choncho liyeseni ndi wotchi masiku obweza katundu asanathe.

Chotikayikitsa ndi malire otchaja mpaka 80 peresenti yokha omwe laputopu zina zili nawo. Amatetezadi maselo, makamaka m'nyengo yotentha ya Okotobala, koma tsiku lomwe magetsi athima m'mawa mumayamba ntchito mutataya kale theka la ola.