Mswachi, sipiriti, labala kapena singano: chotsukira chiti chimathandiza timahedifoni tikakana kutchaja?

Kabokosi kotchajira timahedifoni ta m'khutu kali ndi batire lakelake, ndipo nyale imene imaphethira kunja kwake kawirikawiri imanena za batire limenelo, osati za timahedifonito. N'chifukwa chake kabokosi kamatha kuoneka kamoyo pamene kahedifoni kamodzi kali zii, ngakhale kagone m'menemo usiku wonse. Moto umachoka m'kabokosi kudzera pa tizitsulo tiwiri kapena titatu tosongoka, tokhala ndi sipuling'i mkati, n'kulowa pa timadontho tagolide tili kunsi kwa kahedifoni. Malo okhudzanawo ndi aang'ono ngati mutu wa phini, choncho litsiro lochepa kwambiri limakwanira kudula njirayo.

Musanasankhe chotsukira, ikani kahedifoni m'malo mwake, mukakanikize ndi chala n'kukagwedeza pang'ono. Ngati nyale yake yayaka pamene mwakanikiza, n'kuzima mukachotsa chala, batire lilibe mlandu, vuto lili pa kukhudzana. Kenaka unikani ndi tochi ya foni kuti muone mtundu wa litsirolo, pakuti njira zinayi zimene anthu amagwiritsa ntchito sizichotsa litsiro lofanana.

Mswachi wakale wouma, wofewa, pamodzi ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndiyo njira imene singawononge kanthu, ndipo ndi yoyenera kuyambira nthawi zonse. Imachotsa fumbi, ulusi wa m'thumba la thalauza umene umaunjikana pansi pa dzenje la kabokosi, ndiponso tizidutswa tachitsulo timene maginito a m'kabokosi amakoka. Ulusiwu nthawi zina sukhudza n'komwe tizitsulo, koma umakweza kahedifoni pang'ono kuti kasafike pansi. Malire a mswachi ndi akuti sumasungunula mafuta. Litsiro la m'khutu ndi mafuta odzola, zikasakanikirana ndi fumbi la m'nyengo yotentha, zimapanga kansalu kopyapyala konyezimira kamene mswachi umangokapakapaka m'malo mokachotsa.

Pamenepa m'pamene sipiriti amaposa mswachi, koma sipiriti yense si wofanana. Wabwino koposa ndi wa mtundu wa ayisopulopilo, amene okonza mafoni amatsukira zamkati mwa foni. Wa 90 peresenti kapena kuposera apo amauma msanga chifukwa madzi ake ndi ochepa, ndipo wa 70 peresenti amagwiranso ntchito malinga mudikire nthawi yokwanira. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale amasungunulanso mafuta, koma utoto wake umatsalira pang'ono, kotero pamafunika kupukutanso ndi thonje louma. Chimene ndikuletsa kwambiri ndi sanitayiza wa m'manja, chifukwa ambiri amakhala ndi gilisirini amene sauma, ndipo amasiya timadontho tili tonanda, tokopa fumbi lina. Kagwiritsidwe kake ndi kofanana: nyowetsani kathonje ka pa kamtengo, kafinyeni kuti kasadonthe, pukutani timadontho ndi nsonga za tizitsulo, kenaka siyani kabokosi kali kotsegula kwa mphindi 10. Musathire sipiriti mwachindunji m'dzenje, ndipo asafike pa kasefa kotulutsira mawu kapena pa kabowo ka maikolofoni, chifukwa amatha kufewetsa guluu ndi kukankhira litsiro mkati.

Labala wofufutira pensulo ali ndi ntchito imodzi yokha imene sipiriti amailephera. Thukuta lili ndi mchere, ndipo golide wa pa timadontho ndi wopyapyala kwambiri, wongokutira chitsulo china chimene kawirikawiri chimakhala ndi mkuwa. Golideyo akaperepeseka, mcherewo umadya chitsulo cha pansi n'kusiya dzimbiri lobiriwira kapena lakuda, lokhakhala mukaligwira ndi chikhadabo. Dzimbiri limeneli silisungunuka ndi sipiriti. Labala woyera wofewa, wodulidwa kuti akhale ndi nsonga, amalipala pang'onopang'ono osalasa chitsulo. Amathandiza pa timadontho tosalala ta kahedifoni, koma pa tizitsulo ta m'kabokosi sindimulimbikitsa, chifukwa nyenyeswa zake zimagwera m'mbali mwa sipuling'i n'kuitsekereza. Dziwaninso kuti kadontho kamene kanachitapo dzimbiri kamachitanso msanga, motero kamafuna kupukutidwa ndi nsalu youma nthawi iliyonse mukatuluka thukuta.

Singano, phini, lezala ndi sandipepa zimapereka zotsatira zooneka msanga, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amazikonda. Ine ndimaziika kumapeto kwenikweni. Zimachotsa golide wotsalayo limodzi ndi dzimbiri, kotero kahedifoni kamatchaja lero koma kamadzakananso pakapita masabata ochepa, pamene dzimbiri labwerera mokulirapo. Choopsa china n'chakuti m'timabokosi tambiri totsika mtengo tizitsuloto timakhala ndi moto wa mavoti pafupifupi 5, ndipo singano ikakhudza tiwiri nthawi imodzi ikhoza kuchititsa shoti n'kuwononga zamkati mwa kabokosi.

Tiyerekeze kuti kahedifoni kakumanzere kamadzaza bwino, koma kakumanja kamafa pakangopita mphindi zochepa, kenaka kalekeratu kuyaka. Mukakakanikiza, nyale yake ikuyaka. Pa tochi, kadontho kamodzi kali ndi mzere wobiriwira m'mbali. Mwatsuka ndi mswachi, mwapukuta ndi sipiriti, mwapala ndi labala mpaka kadonthoko kawala, komabe kakukana pokhapokha mutakanikiza. Apa munthu amafulumira kunena kuti batire lafa, koma zoti kamayaka mukakanikiza zikutsutsa zimenezo. Yang'anani tizitsulo ta m'dzenje lakumanja mozifanizira ndi ta kumanzere, ndipo mudzaona kuti kamodzi kafupika. Kadindeni ndi kamtengo kotokosera m'mano: kabwino kamalowa n'kubwerera komweko, pamene kokakamira kamatsalira pansi. Thukuta lomwe linadya kadontho lija linatsikiranso m'kachitsuloko n'kumata sipuling'i. Kupukuta pamwamba sikungafike pamenepo. Chofunika ndi kunyowetsa nsonga ya kamtengo ndi sipiriti, kukhudzitsa pa kachitsuloko, n'kukadinda mobwerezabwereza mpaka kayambenso kudumpha. Kakakanabe ndiye kuti sipuling'i yathyoka kapena yadyeka, ndipo chotsala ndi kupita kwa wokonza mafoni kuti asinthe kachitsuloko, kapena kufunafuna kabokosi kena ka mtundu womwewo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimanamizira litsiro koma chotsukira chilichonse sichingazithetse. Timalabala tolowa m'khutu togula padera, tikakhala tatikulu kapena tatitali kuposa toyambirira, timalepheretsa kahedifoni kukhazikika ndiponso chivindikiro kutsekeka bwino, choncho tichotseni muyesenso popanda ito. Ndipo timahedifoni tatsopano nthawi zambiri timabwera ndi kapulasitiki kopyapyala kotchinga timadontho, kamene kamafunika kumatula musanayambe kutchaja.

Ngati mutakanikiza nyale siikuyaka konse, timadontho tili toyera ndipo tizitsulo tonse tikudumpha, lumikizani kabokosi ku tchaja, ikani timahedifoni mkati, mutseke, musatsegule kwa ola limodzi. Batire la lifiyamu limene latheratu moto limayamba ndi kulandira moto wochepa kwambiri, ndipo limatha kukhala mphindi zambiri osasonyeza chizindikiro chilichonse. Likapanda kudzuka pakutha pa olalo, kapena kahedifoni kakayamba kutentha kapena kung'ambika pa msoko chifukwa cha kutupa, lekani kukatchaja, pakuti batire lotupa likhoza kuyaka moto, ndipo vuto limenelo si la litsiro ayi.